Mwakonza Mipata ya Dizeteshoni: Mmene Mungalembere Kakalata Kouza a Supavaiza

Dizeteshoni ikabwezedwa chifukwa cha kaonekedwe ka masamba, a supavaiza amakhala atawerenga kale zonse. Mfundo anazivomereza, ziwerengero anaziona, ndipo chatsala ndi siginecha yawo. Ndiye mukawatumizira fayilo yatsopano ndi mawu oti "ndakonza zonse zija" basi, mwawasenzetsa katundu. Ayenera kutsegula mutu uliwonse kuti aone chomwe mwakonza, komanso sadziwa ngati m'kati mokonzamo simunasinthe chiganizo chomwe anachivomereza kale. Ambiri amangoiika pambali kuti adzaione akapeza mpata, pomwe tsiku lomaliza kupereka likuyandikira.

Kakalata kabwino kamathandiza a supavaiza kutsimikizira okha ntchito yanu m'mphindi zochepa, osawerenganso buku lonse. Kuti katheke kulembeka, muyenera kudziwa zinthu zinayi: lamulo likuti chiyani, fayilo inali bwanji, tsopano ili bwanji, ndipo ndi chiyani chasuntha chifukwa cha kukonzako. Zinthu zinayizi simungazikumbukire mukamaliza. Zimalembedwa papepala pomwe mukukonza, n'chifukwa chake malangizowa akuyambira pa kukonza kwenikweniko.

Titsatira chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kuti wophunzira wa digiri yachiwiri kuno ku Blantyre ali ndi dizeteshoni ya mitu isanu, masamba 86, yolembedwa mu Microsoft Word. Malamulo a sukulu yake akuti pepala likhale A4, mpata wa kumanzere ukhale masentimita 3.81, mbali zina zitatu masentimita 2.54, zilembo zikhale Times New Roman za 12, mizere italikirane 1.5, kupatula m'matebulo ndi m'mawu aatali ogwidwa kuchokera kwa olemba ena, momwe mizere iyenera kuthinana. Manambalawa ndi achitsanzo chabe. Anu muwatenge m'malamulo a sukulu yanu.

Yambani ndi lamulo, ndipo fayilo yakale musaikhudze

Pezani chikalata chenicheni cha malamulo a kalembedwe kuchokera ku dipatimenti kapena ku ofesi yoona za maphunziro apamwamba, ndipo onani chaka chomwe chinatuluka. Kuno ku Blantyre chakacho n'chofunika. Mu 2021 sukulu ya Polytechnic ya ku Chichiri inachoka pansi pa University of Malawi n'kukhala MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Buku la mnzanu amene anamaliza chaka chimenecho chisanafike likhoza kukhala lotsatira malamulo akale, choncho si loyenera kuyezerapo rula. Mukapeza chikalatacho, lembani nambala ya ndime kapena tsamba pomwe pali lamulo la mipata, chifukwa mudzaitchula m'kakalata.

Kenako sungani fayilo yakale momwe ilili, n'kupanga ina yogwiriramo ntchito. Mayina akhale oti munthu akawaona adziwe msanga yakale ndi yatsopano:

```
Dizeteshoni_yakale.docx
Dizeteshoni_mipata_yokonzedwa.docx
```

Musanasinthe kanthu, tengani pepala ndi cholembera. Lembani chiwerengero cha masamba ndi cha mawu monga Word ikuonetsera m'munsi kumanzere. Lembaninso tsamba lomwe mutu uliwonse ukuyambira, ndi masamba onse omwe a supavaiza anawatchula m'ndemanga zawo. Ngati Word yanu ikuyeza m'mainchi, isintheni kuti igwirizane ndi rula yanu: pitani ku File, Options, Advanced, ndipo pansi pa Display sinthani Show measurements in units of kukhala Centimeters. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, inchi ndi theka ndi masentimita 3.81, kotero lamulo likalembedwa m'mainchi musadabwe kuona manambala amenewa.

Pepala kaye, kenako mipata ya m'mphepete

Ophunzira ambiri amathamangira ku Margins asanaone kukula kwa pepala, ndipo apa ndi pomwe vuto limabisala. Malaputopu ambiri amabwera Word yake itatcheredwa pa pepala la ku Amerika lotchedwa Letter, lomwe ndi masentimita 21.59 m'lifupi ndi 27.94 m'litali. Pepala lomwe timagula ndi kupulintira kuno ndi A4, la masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Tsamba la Letter likamapulintidwa pa A4, makina amalichepetsa pang'ono kuti likwane, ndipo mipata yonse imasokonekera ngakhale manambala a mu Word akhale olondola. Chizindikiro chake papepala ndi malo aakulu opanda kanthu m'mwamba kapena m'munsi mwa tsamba, oposa omwe munatchera.

Vuto lachiwiri ndi loti dizeteshoni si chinthu chimodzi m'maso mwa Word. Imakhala yogawidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chimakhala ndi pepala lake ndi mipata yake. Kuti muone magawowa dinani mabatani awa, omwe amaonetsa zizindikiro zobisika:

```
Ctrl + Shift + 8
```

Muona mizere iwiri ya timadontho yolembedwa Section Break. Kawirikawiri pamakhala wina pakati pa masamba oyambirira, a manambala achiroma, ndi mutu woyamba, pomwe nambala 1 imayambira. Pamakhalanso ena kutsogolo ndi kumbuyo kwa tebulo lalikulu lomwe tsamba lake linagonekedwa chopingasa. Ndipo ngati munalemba mutu uliwonse m'fayilo yakeyake n'kudzaphatikiza pambuyo, mitu ina imabwera ndi makonzedwe a laputopu yomwe inalembedwerapo.

Pitani m'chigawo chilichonse, dinani pa mawu ena alionse, tsegulani Layout, Margins, Custom Margins, n'kulemba papepala lanu lija zomwe mwapeza pa Top, Bottom, Left, Right ndi Gutter, komanso kukula kwa pepala pa Paper. Wophunzira wathu akupeza kuti masamba oyambirira ndi mitu 1 mpaka 3 ili pa A4 koma mbali zonse zinayi ndi masentimita 2.54. Mitu 4 ndi 5, yomwe anailembera pa laputopu yobwereka, ili pa Letter. Izi ndi zomwe adzalembe m'kakalata monga "mmene zinalili".

Tsopano konzani. Pa Paper sankhani A4. Pa Margins lembani manambala a lamulo. M'munsi mwa bokosilo muli mawu oti Apply to, ndipo pamenepo sankhani Whole document. Mukasiya pa This section, mwakonza chigawo chimodzi chokha, ndipo a supavaiza akatsegula mutu wachinayi apeza zakale zomwezo.

Pa Gutter samalani. Gutter ndi mpata woonjezera wa pomangira buku, ndipo Word imauphatikiza pa wa kumanzere. Mukalemba Left 3.81 n'kusiya Gutter pa 1.27, mpata wonse ukhala masentimita 5.08, woposa lamulo. Njira yosavuta kufotokoza ndi kuika Gutter pa 0 ndi Left pa 3.81. Ngati sukulu ikufuna kupulinta mbali zonse ziwiri za pepala, ndiye pa Multiple pages sankhani Mirror margins, ndipo 3.81 ipite pa Inside, kuti mpata waukulu uzikhala ku msana wa buku nthawi zonse.

Masamba ogonekedwa chopingasa abwerereni paokha mukamaliza. Tsamba lotere likamangidwa m'buku, mutu wa tebulo ndi umene umayang'ana ku msana, choncho mpata waukulu uyenera kukhala pa Top osati pa Left. Dinani m'tsambalo, onani ngati likadali pa Landscape, ikani Top pa 3.81 ndi mbali zina pa 2.54, ndipo ulendo uno sankhani This section. Ndikupemphani musafute ma Section Break pofuna kuti zinthu zifanane. Mukafuta umodzi, masamba a pamwamba pake amatenga makonzedwe a chigawo cha pansi pake, ndipo manambala achiroma akhoza kusanduka wamba, kapena mutu wonse kugona chopingasa.

Mipata ya pakati pa mizere

Njira yomwe imakopa munthu amene watopa ndi kusankha zonse ndi Ctrl + A n'kudina Ctrl + 5, yomwe imaika 1.5. Imagwira, koma imagwira mopitirira. Matebulo onse amafutukuka, mawu aatali ogwidwa omwe amayenera kuthinana nawonso amatalikirana, tsamba la mutu wa buku limasefukira m'tsamba lachiwiri. Chinanso, Ctrl + A sifika ku timawu ta m'munsi mwa tsamba kapena m'mabokosi a mawu, ndiye zina zimatsala. Ndi bwino kukonza kudzera m'masitayelo, omwe ndi makonzedwe okhala ndi mayina, monga Normal, amene ndime zimatsatira mu Word.

Yambani ndi kufufuza. Dinani m'ndime imodzi ya mutu uliwonse n'kudina Shift + F1. Kumanja kutseguka bokosi la Reveal Formatting lomwe likuuzeni sitayelo ya ndimeyo ndi katalikiranidwe ka mizere yake. Wophunzira wathu akupeza kuti mitu 1 mpaka 3 ili pa 1.5 lines, koma mitu 4 ndi 5 ili pa Multiple 1.08, ndi mpata wa 8 pt pambuyo pa ndime iliyonse. Awa ndi makonzedwe omwe Word ya 2013 mpaka ya 2021 imayamba nawo munthu akatsegula fayilo yatsopano, ndipo pa sikirini kusiyana kwake sikuoneka msanga ngati simunaike masamba awiri pambali pa linzake.

Pa Home, dinani batani la kumanja la mausi pa sitayelo ya Normal, sankhani Modify, kenako Format, kenako Paragraph. Ikani Line spacing pa 1.5 lines. Pa Before ndi After lembani zomwe lamulo likunena. Ngati silinatchule, sankhani nambala imodzi yoti ikhale m'buku lonse, ndipo mudzainene m'kakalata. Ndime zambiri zisintha nthawi yomweyo. Zina zikana, chifukwa zinatcheredwa pamanja. Zimenezo zisankheni n'kudina Ctrl + Q, yomwe imabweza ndime ku makonzedwe a sitayelo yake. Chitani ndime zingapo panthawi imodzi, musakhudze mitu kapena matebulo, chifukwa Ctrl + Q imachotsanso kuika pakati ndi kulowetsa m'kati komwe munachita pamanja.

Masitayelo ambiri mu Word amatengera kwa Normal, ndiye mukasintha Normal bwererani kukaona matebulo, mawu ofotokoza zithunzi ndi timawu ta m'munsi. Zomwe lamulo likufuna zithinane, zisankheni n'kuika Single. Pa mawu aatali ogwidwa ndi bwino kupanga sitayelo imodzi, yokhala ndi Single ndi kulowa m'kati komwe lamulo likufuna, kuti onse afanane m'buku lonse. Mukaona chithunzi chasanduka kamzere kopyapyala, kongooneka m'munsi mwake mokha, dziwani kuti ndime yomwe chakhalamo ili pa Exactly. Isintheni ikhale Single ndipo chithunzi chibwerera.

Patsala ndime zopanda kanthu. Ambiri aife tinaphunzira kulekanitsa ndime podina Enter kawiri, ndi kukankhira mutu watsopano ku tsamba lotsatira podina Enter kambirimbiri. Mipata ikasintha, ma Enter amenewo amasiya mutu utayambira pakati pa tsamba. Zizindikiro zobisika zikakhala zoyatsa, muwaona atandandalikana ngati chizindikiro cha ¶ chopanda mawu. Achotseni ndi Replace, yomwe imatseguka ndi Ctrl + H:

```
Find what:    ^p^p
Replace with: ^p
```

Gwiritsani ntchito Find Next ndi Replace, malo amodzi panthawi, osati Replace All, chifukwa pa tsamba la mutu wa buku ndi la masiginecha mipata ina inaikidwa dala. Kuti mutu uliwonse uziyamba pa tsamba latsopano, ngati palibe kale Section Break patsogolo pake, dinani pa dzina la mutuwo, tsegulani Paragraph, pa Line and Page Breaks chongani Page break before.

Fufuzani zomwe zasuntha

Apa ndi pomwe pamafunika kudekha, chifukwa kukonza mipata kumaononga zina zomwe zinali bwino. Pa Letter, ndi masentimita 2.54 mbali zonse ziwiri, malo olembapo anali masentimita 16.51 m'lifupi. Pa A4, ndi 3.81 kumanzere ndi 2.54 kumanja, atsala masentimita 14.65. Mawu amadzipinda okha kulowa m'malo atsopanowa, koma matebulo ndi zithunzi nthawi zambiri sizitero. Tebulo lomwe linadzaza tsamba lakale litulukira kumanja ndi masentimita 1.86, ndipo papepala litsala pang'ono kufika kumapeto kwenikweni. Dinani m'tebulo lililonse, pitani ku Layout ya tebulo, AutoFit, AutoFit Window, kenako onani ngati manambala sanaduke pakati m'mizati yopapatiza. Zithunzi ndi magirafu zichepetseni kuti m'lifupi zisapose 14.65, mutachonga Lock aspect ratio kuti zisaphwatalale. Wophunzira wathu akupeza matebulo anayi a mutu 4 ndi mapu amodzi a dera la kafukufuku wake atatulukira kunja.

Yendani tsamba ndi tsamba kuona ngati kamutu kena sikanatsale kokha m'munsi mwa tsamba pomwe ndime yake yapita ku tsamba lotsatira, kapena dzina la tebulo kulekana ndi tebulo lake. Mankhwala ake ndi Keep with next, m'bokosi lomwe lija la Line and Page Breaks. Mukamaliza, dinani pa zam'katimu, dinani F9, sankhani Update entire table, ndipo chitani chimodzimodzi pa mndandanda wa matebulo ndi wa zithunzi. Ngati zam'katimu munazilemba pamanja, palibe kuchitira mwina, mukonza nambala imodziimodzi.

Lembani manambala atsopano pambali pa akale aja. M'chitsanzo chathu masamba achoka pa 86 kufika pa 99, mutu 4 womwe unkayamba pa tsamba 47 ukuyamba pa 50, ndipo tebulo 4.3, lomwe a supavaiza analitchula kuti lili pa tsamba 55, lapita pa 62.

Yezani papepala

Sikirini si umboni. Sungani fayilo ngati PDF kuchokera pa laputopu yanu, kuti ikatsegulidwa pa kompyuta ina mizere isasunthe. Pitani nayo kumalo opulintira, kaya ku Ginnery Corner, ku Chichiri kapena ku Limbe, mutanyamula rula m'chikwama. Simukufunika buku lonse. Masamba anayi akwana: limodzi la mawu okhaokha la mutu woyambirira, lina lotero la mutu womwe unali ndi vuto, tsamba la tebulo lopingasa, ndi limodzi la masamba oyambirira. Muwapemphe opulintawo mwaulemu kuti, "Achimwene, mundiikire pa Actual size, osati Fit," chifukwa Fit imachepetsa tsamba ndipo muyeso wanu ukhala wabodza.

Ikani rula kuchokera kumapeto kwa pepala kufika pomwe zilembo zikuyambira. Kumanzere mupeze pafupifupi masentimita 3.8. Kusiyana kwa milimita imodzi n'kwa mmene pulinta yakokera pepala, koma theka la sentimita likusonyeza kuti pali cholakwika. Mizere iwerengeni ndi chala. Ndi Times New Roman ya 12 pa A4, mipata ya pamwamba ndi pansi ili 2.54, tsamba lodzaza mawu pa 1.5 limakhala ndi mizere pafupifupi 33, kapena yocheperapo pang'ono ngati pali mipata pakati pa ndime. Mukawerenga yoposa 40, tsambalo likadali lothinana. Mukapeza 25, lili pa Double.

Chomaliza ndi kutsimikizira kuti mawu sanasinthe. Chiwerengero cha mawu chifanane ndi chomwe munalemba poyamba. Kuti mutsimikize bwino, pitani ku Review, Compare, sankhani fayilo yakale ndi yatsopano, dinani More, chotsani kuchonga pa Formatting. Zomwe zituluke zikhale manambala a zam'katimu ndi ndime zopanda kanthu zomwe munachotsa, basi. Ctrl + H ndi zala zotopa nthawi zina zimadya mzere munthu osadziwa, ndipo apa ndi pomwe mungaugwire.

Kulemba kakalata

Tsopano pepala lanu lili ndi zonse, ndipo kakalata kadzilemba kokha. Kakhale kotha kuwerengeka pa foni popanda kutsitsa kambirimbiri, chifukwa a supavaiza ambiri amaona imelo ali pakati pa makalasi kapena misonkhano. Ngati mumalemberana nawo m'Chingelezi, monga zimakhalira kawirikawiri m'masukulu athu a ukachenjede, dongosolo lake ndi lomweli. Chitsanzo ndachilemba m'Chichewa kuti kayalidwe kake kaoneke.

Pa mutu wa imelo lembani dzina lanu, nambala yanu ya kusukulu ndi mawu oti dizeteshoni yokonzedwa mipata. Kenako:

> A Dokotala,
>
> Ndikhulupirira muli bwino. Ndatumiza dizeteshoni yanga nditakonza mipata monga munandilangizira, motsatira malamulo a kalembedwe a sukulu, gawo lonena za kaonekedwe ka masamba.
>
> Pepala: mitu 4 ndi 5 inali pa Letter. Tsopano buku lonse lili pa A4.
>
> M'mphepete: kumanzere kunali masentimita 2.54, tsopano ndi 3.81 m'buku lonse. Kumanja, pamwamba ndi pansi ndi 2.54. Pa tsamba 62, lomwe ndi lopingasa, 3.81 ili pamwamba, mbali yomangira buku.
>
> Mizere: mitu 4 ndi 5 inali pa 1.08, tsopano ili pa 1.5 monga mitu inayo. Matebulo ndi mawu aatali ogwidwa zili pa mzere wothinana, monga lamulo likunenera.
>
> Chifukwa cha zimenezi masamba achoka pa 86 kufika pa 99. Mutu 4 ukuyamba pa tsamba 50, ndipo tebulo 4.3 lomwe munalitchula pa tsamba 55 tsopano lili pa 62. Matebulo anayi a mutu 4 ndi mapu ndawachepetsa m'lifupi kuti akwane. Manambala ake ndi omwe aja. Zam'katimu ndakonzanso.
>
> Mawu a dizeteshoni sindinasinthe paliponse. Ndapulinta masamba iv, 12, 53 ndi 62 n'kuyeza ndi rula, ndipo akugwirizana ndi lamulo.
>
> Funso ndi limodzi: malamulo sanatchule za mndandanda wa mabuku a kumapeto. Ndauika pa mzere wothinana, ndi mpata pakati pa buku ndi linzake. Ngati mukufuna ukhale pa 1.5, ndisintha tsiku lomwelo.
>
> Tsiku lomaliza kupereka ndi Lachisanu likudzali. Ngati mwakhutira, ndikupempha kuti mundiuze tsiku lomwe ndingabwere ndi fomu yoti musainire.
>
> Zikomo kwambiri.
>
> Ndine wophunzira wanu,

Onani mmene mzere uliwonse ukunenera chomwe chinalipo, chomwe chilipo, ndi malo ake. Mawu oti "ndakonza mipata yonse" sangayezedwe, koma "kumanzere kunali 2.54, tsopano ndi 3.81" munthu akhoza kutsegula fayilo n'kuona yekha. Ndime ya masamba osuntha ndi imene ophunzira amaiwala kwambiri, pomwe kwa a supavaiza ndi yofunika kuposa zonse, chifukwa iwo ali ndi ndemanga zawo zolembedwa motsatira manambala akale. Akatsegula tsamba 55 n'kupeza palibe tebulo, ayamba kukayika ngati simunachotse zina.

Chiganizo choti mawu sanasinthe chilembeni pokhapokha zili zoona. Ngati pokonza munaona chilembo cholakwika n'kuchikonza, nenani: "Kupatula zilembo ziwiri zolakwika pa tsamba 31 ndi 74, mawu sindinasinthe." Ngati munalembanso ndime yonse, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo iyenera kukhala ndi ndime yakeyake m'kakalata, yotchula tsamba, kuti a supavaiza aiwerenge asanasaine. Siginecha yawo ikuimira buku lomwe akulidziwa, ndipo si bwino kuwasainitsa mawu omwe sanawaone.

Pali zina zomwe ndingakonde muzisiye kunja. Mbiri ya laputopu yobwereka, kuzima kwa magetsi, usiku womwe simunagone, zonsezi n'zoona koma sizithandiza munthu amene akufuna kudziwa ngati tsamba lili bwino. Kupepesa kukhale kwa chiganizo chimodzi ngati mwachedwa, osati ndime yonse. Mabatani omwe munadina musawafotokoze. A supavaiza akufuna zotsatira, osati njira. Ndipo pomwe lamulo silikumveka, musabise zomwe mwasankha poganiza kuti saziona. Nenani zomwe mwachita, funsani funso limodzi lomwe angayankhe ndi "eya" kapena "ayi", monga la mndandanda wa mabuku lija. Zikachitika kuti a supavaiza anakuuzani nambala yosiyana ndi yomwe ili m'chikalata cha sukulu, musasankhe nokha mwakachetechete. Lembani mwaulemu kuti, "Malamulo akuti 3.81 kumanzere, ndipo m'ndemanga zanu munalemba 4. Ndatsatira malamulo, koma ndikupempha mundiongolere ngati dipatimenti ili ndi lamulo lake."

Pa dzina lowatchulira, gwiritsani ntchito udindo wawo monga mumachitira pamaso: a Dokotala, a Pulofesa, kapena Madamu ndi Bwana ngati ndi momwe mumawaitanira, ndipo m'Chichewa muwatchule "inu" kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngati muli ndi asupavaiza awiri, tumizani imelo imodzi kwa onse, kuti wina asadzasaine fayilo yosiyana ndi ya mnzake.

Potumiza

Phatikizani mafayilo awiri: PDF, yomwe ikuonetsa masamba monga adzapulintidwire, ndi ya Word, ngati angafune kulembamo ndemanga. Musanadine kutumiza, tsegulani PDF yomwe mwaphatikizayo, pitani pa masamba onse omwe mwawatchula m'kakalata, n'kuona ngati zomwe mwanena zili pamenepodi. Kumbukirani kuti nambala yomwe pulogalamu yowerengera PDF imaonetsa imawerengera limodzi masamba oyambirira achiroma aja, ndiye ikhoza kusiyana ndi yolembedwa m'munsi mwa tsamba. M'kakalata tchulani yolembedwa pa tsamba, ndipo ngati mukuona kuti zingasokoneze, onjezerani mawu ochepa onena zimenezo.

Kakalata kapite pa imelo, kuti pakhale tsiku ndi nthawi yooneka ngati ofesi itadzafunsa. Pa WhatsApp mukhoza kungotumiza mzere umodzi wowadziwitsa kuti mwatumiza imelo, ngati iwo anakulolani kale kuwalembera kumeneko. Buku lonse musalipulinte kapena kulipereka kwa omanga mabuku a supavaiza asanayankhe, chifukwa akasintha ngakhale chinthu chimodzi, monga mndandanda wa mabuku uja, manambala a masamba akumapeto asunthanso. Akavomereza, PDF yomweyo yomwe aiona ndi imene mupite nayo kopulinta, ndipo muwakumbutsenso opulintawo za Actual size.